Mafunso ndi mayankho: kuyendetsa mota ya DC ndi H-biriji popanda kuwotcha Arduino

Mayankho onse ali pansipa akutsata chitsanzo chimodzi kuti manambala asatisokoneze. Tili ndi Arduino Uno, kamota kachikasu ka magiya kamene kamayendetsa matayala a timaloboti ta ophunzira, mojulo yofiira ya L298N, ndi mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatana, amene amapereka 7.4 V (akangodzaza kumene amafika 8.4 V). Ngati zipangizo zanu ndi zina, manambala asintha koma kaganizidwe kake ndi komweko.

Bwanji osangolumikiza mota pa pini ya Arduino mwachindunji?

Pini imodzi ya ATmega328P, tchipi imene ili pa Uno, inapangidwa kuti izipereka karenti pafupifupi 20 mA, ndipo malire amene wopanga analetsa kudutsa ndi 40 mA. Kamota kathu kamakoka karenti yoposa 100 mA ngakhale kakuzungulira m'mwamba popanda katundu. Kakamayamba kuzungulira, kapena tayala likakodwa, kamatha kukoka 1 A kapena kuposa. Pini singapirire zimenezo.

Ena amati asagwiritse ntchito pini ya malamulo koma atenge magetsi pa pini yolembedwa `5V`. Apanso pali vuto. Magetsi a pamenepo ndi omwewo amene tchipi ikudya, ndiye mota ikakoka kwambiri volteji imagwa ndipo Arduino imazima n'kuyambiranso pulogalamu. Ntchito ya Arduino ndi kulamula basi. Karenti ya mota iyenera kukhala ndi njira yakeyake yochokera ku batire.

Kodi H-biriji imagwira ntchito bwanji?

Ndi maswichi anayi ozungulira mota. Mbali iliyonse ya mota ili ndi swichi yapamwamba yoilumikiza ku + ya batire, ndi swichi yapansi yoilumikiza ku GND. Mukajambula papepala, maswichi amakhala m'mizere iwiri yoimirira ndipo mota imakhala pakati mopingasa, monga chilembo H. Mu tchipi maswichiwa ndi matiranzisita.

Mukayatsa swichi yapamwamba ya kumanzere pamodzi ndi yapansi ya kumanja, karenti imadutsa m'mota kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukayatsa ziwiri zinazo, imadutsa mobwerera ndipo mota imazungulira chakumbuyo. Chimene sichiyenera kuchitika n'kamodzi komwe ndi kuyatsa swichi yapamwamba ndi yapansi za mbali imodzi nthawi imodzi, chifukwa pamenepo + yalumikizana ndi GND popanda mota pakati. Imeneyo ndi shoti, ndipo matiranzisita amapsa msanga. Mkati mwa L298N munakonzedwa kale kuti pini imodzi ya `IN` izisankha swichi imodzi yokha pa mbali yake, choncho simungapange shoti imeneyi kudzera mu pulogalamu. Amene akudzipangira H-biriji ndi matiranzisita anayi apadera ayenera kuisamala okha nkhaniyi.

Pa mojulo yathu, `IN1` ikakhala `HIGH` ndipo `IN2` ili `LOW`, mota imapita mbali imodzi. Mukazisinthanitsa imabwerera. Zikafanana pamene `ENA`, pini yoyatsira H-biriji yonse ya mota imeneyo, ili `HIGH`, mbali ziwiri za mota zimalumikizana ndipo mota imagwira buleki. `ENA` ikakhala `LOW`, maswichi onse anayi amazima ndipo mota imapitiriza yokha mpaka kuima.

Kodi karenti yobwerera imene anthu amaiopayi imachokera kuti kwenikweni?

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana n'kuzitchula dzina limodzi.

Choyamba n'chakuti mota ikamazungulira imakhalanso jenereta. Makoyilo ake akudutsa pakati pa maginito, ndiye amapanga volteji yotsutsana ndi ya batire. Volteji imeneyi imakwera ndi liwiro, ndipo pamene batire ndilo likuyendetsa mota, siiposa ya batire. Ndiyo imachititsa kuti mota yothamanga izikoka karenti yochepa, pomwe mota yoima imakoka yambiri. Payokha siopsa kwambiri.

Chachiwiri ndicho chimapha matiranzisita. Koyilo imene karenti ikudutsamo imasunga mphamvu mu maginito ake, ndipo siilola kuti karentiyo iime mwadzidzidzi. Zili ngati madzi othamanga m'paipi yaitali: mukatseka mpopi mofulumira, paipi imagunda chifukwa madzi akali kukankha koma asowa kopita. Mukazimitsa swichi, koyilo imakweza volteji mpaka karenti ipeze podutsa. Lamulo lake ndi ili:

```
V = L × (ΔI / Δt)
```

Apa L ndi muyeso wa mmene koyilo imakanira kusintha kwa karenti, ΔI ndi kusintha kwa karenti, ndipo Δt ndi nthawi imene kusinthako kwatenga. Tiyerekeze kuti koyilo ya mota ili ndi L = 1 mH, ikunyamula 1 A, ndipo tiranzisita yazima m'mayikulosekondi imodzi. Masamu akupereka 0.001 × 1 ÷ 0.000001, kutanthauza 1,000 V. M'zochitika zenizeni volteji siifika pamenepo, chifukwa isanafike chinachake chimagonja n'kutsegula njira. Ngati simunakonze njira ina, chogonjacho chimakhala tiranzisita ya mu H-biriji. L298N inapangidwa kupirira volteji yosaposa 50 V.

Onaninso kuti mukamagwiritsa ntchito `analogWrite` pa pini 9, swichi imazima pafupifupi maulendo 490 pa sekondi iliyonse. Kugunda kumeneku sikuchitika pokhapokha mukaimitsa mota ayi. Kumachitika nthawi yonse imene mota ikuyenda pa liwiro lochepetsedwa.

Nanga dayodi imathandiza bwanji? Imatchinga karentiyo?

Siitchinga. Imaipatsa njira, ndipo kumvetsa mfundo imeneyi kumathetsa mafunso ambiri otsatira.

Tiyeni titsate karenti mu chitsanzo chathu. Mota ikupita kutsogolo: karenti ikuchoka ku + ya batire, ikudutsa swichi yapamwamba, ikutuluka pa `OUT1`, ikulowa m'mota, ikufika pa `OUT2`, kenako ikutsika ndi swichi yapansi mpaka ku GND. Tsopano `ENA` yakhala `LOW` ndipo maswichi onse azima. Koyilo ikufunabe kukankha karenti mbali yomweyo, kuchokera pa `OUT1` kupita pa `OUT2`. Volteji ya pa `OUT2` imayamba kukwera, ndipo ikangoposa ya batire pang'ono, dayodi yochokera pa `OUT2` kupita ku + imatseguka. Nthawi yomweyo volteji ya pa `OUT1` imatsika pansi pa ziro pang'ono, ndipo dayodi yochokera ku GND kupita pa `OUT1` imatseguka. Njira yakwana: GND, dayodi, mota, dayodi, + ya batire.

Zotsatira zake n'zakuti m'malo mwa mavoluti mazanamazana, `OUT2` imangofika pa volteji ya batire kuphatikiza pafupifupi 0.4 V mpaka 1 V, malinga ndi mtundu wa dayodi. Karenti ya 1 A ija imatsika mpaka ziro m'nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi 0.1 ms, ikulowa m'batire. Mawu omaliza amenewa muwasunge, chifukwa mphamvuyo siinasowe. Yangotumizidwa ku waya wa magetsi a mota, ndipo kumeneko kuyenera kukhala chinthu choilandira.

Chifukwa chiyani madayodi anayi? Pa rileyi timaika imodzi yokha.

Pa rileyi, kapena pa mota imene imazungulira mbali imodzi yokha ndi tiranzisita imodzi, karenti imayenda mbali yomweyomweyo nthawi zonse. Dayodi imodzi yoikidwa mopingasa pa mota, mzere wake utaloza ku +, imakwanira. Pa H-biriji mbali ya + ndi ya GND zimasinthana. Dayodi imodzi yopingasa pa mota ikhala bwino popita kutsogolo, koma mukangobweza mota, dayodi yomweyo idzatsegukira karenti ya batire n'kukhala shoti. Idzapsa dayodiyo kapena tchipi, mwinanso zonse ziwiri.

N'chifukwa chake madayodi amapita ku mawaya a magetsi, osati mopingasa pa mota. Mbali iliyonse ya mota imalandira awiri. Yoyamba imachoka pa `OUT` kupita ku +, mzere wake uli kumbali ya +. Yachiwiri imachoka ku GND kupita pa `OUT`, mzere wake uli kumbali ya `OUT`. Njira yosavuta yokumbukira ndi yakuti mizere yonse inayi imaloza chakumtunda, ku +. Mota ziwiri zimafuna madayodi asanu ndi atatu.

Kodi ndikufunika kuwonjezera madayodi pa mojulo yanga, kapena alipo kale?

Zimatengera tchipi. L298N yokha ilibe madayodi mkati, koma mojulo zofiira zogulitsidwa zimabwera ndi timadayodi takuda tisanu ndi titatu towotchereredwa pafupi ndi pomangira mawaya a mota. Tayang'anani pa bolodi lanu muwerenge. Ngati mwagula tchipi yokha ya miyendo 15 kuti muike pa bolodi lanu, madayodi ndi udindo wanu.

L293D ili nawo mkati, koma L293 yopanda chilembo D ilibe. Chenjerani pogula, chifukwa ziwirizi zimaoneka zofanana. TB6612FNG ndi DRV8833 zimagwiritsa ntchito matiranzisita a MOSFET, ndipo MOSFET iliyonse imakhala ndi dayodi yakeyake mkati mwake, yoloza mbali yoyenera kale. Pa timota tating'ono simufunika kuwonjezerapo.

Ndigule dayodi yanji?

Yang'anani zinthu zitatu: karenti, volteji ndi liwiro la kutseka. Dayodi iyenera kunyamula karenti yofanana ndi imene mota inali kukoka pa nthawi yozimitsa, ndipo malire ake a volteji akhale kawiri kapena kuposa volteji ya batire.

Pa kamota kathu, 1N5819 imakwanira: ndi ya mtundu wa Schottky, 1 A, 40 V. Ngati mota ikhoza kukoka 2 A, tengani 1N5822, ya 3 A ndi 40 V. Kwa ine 1N5822 ndiyo yabwino kusunga m'bokosi, chifukwa imagwira pa mota zonse zimene L298N ingayendetse ndi batire la 12 V kapena kucheperapo. Madayodi a Schottky amatseka msanga ndipo amadya volteji yochepa, choncho satentha kwambiri.

1N4007 ndiyo imapezeka paliponse, ngakhale m'mabolodi akale a mawailesi ndi matchaja. Imanyamula 1 A ndipo imapirira 1,000 V, koma imachedwa kutseka, imatenga mamayikulosekondi angapo. Pa kanthawi kameneko swichi ikayakanso, karenti imadutsa m'dayodi mobwerera ngati kashoti kakang'ono. Pa 490 Hz zimenezi sizichitika kawirikawiri moti n'kuwononga zinthu, ndipo mojulo zambiri zotsika mtengo zimayenda ndi madayodi a mtundu umenewu. Koma mukakweza PWM, kuyatsa ndi kuzimitsa kofulumira kwa `analogWrite` kuja, kufika 20 kHz kuti mota isamalire, dayodi ndi tchipi zimayamba kutentha. Pepala la wopanga L298 limapempha madayodi ofulumira, otseka m'nthawi yosaposa 200 ns. Kadayodi kagalasi ka 1N4148 n'kofulumira koma n'kakang'ono kwambiri pa mota, kasiyeni.

Ndingadziwe bwanji karenti yaikulu imene mota yanga ingakoke?

Chotsani mota pa mojulo, ikani malitimita pa Ω, muyeze pakati pa mawaya ake awiri. Zungulitsani shafiti pang'ono, iime, muyezenso, chifukwa mabulashi amasintha nambala malinga ndi pamene akhudza. Tengani nambala yotsika kwambiri imene ikubwerezabwereza. Mota ikaima siipanga volteji yotsutsa ija, ndiye karenti imangokhala volteji kugawa ndi nambala mwapezayo.

Tinene kuti mwapeza 5 Ω. Batire likupereka 7.4 V, koma L298N imadya pafupifupi 2 V kapena kuposa pa karenti ya 1 A, choncho mota imalandira pafupifupi 5.4 V. Kugawa 5.4 ndi 5 kukupereka pafupifupi 1.1 A. L298N imanyamula 2 A pa mota iliyonse, ndiye ikwanitsa. L293D imanyamula 600 mA mosalekeza ndi 1.2 A kwa kanthawi kochepa chabe, ndiye tayala likakodwa kwa masekondi angapo idzatentha kwambiri.

Ma 2 V amene L298N yadya aja amasanduka kutentha, pafupifupi 2 W pa 1 A. Ndicho chifukwa chake ili ndi chitsulo chachikulu chakuda kumsana kwake, ndiponso chifukwa chake anthu amene amaipatsa mabatire anayi a AA, okwana 6 V, amadandaula kuti mota ilibe mphamvu. Ngati muli ndi mwayi wosankha pa mota yaing'ono, TB6612FNG imataya magetsi ochepa kwambiri: imanyamula 1.2 A mosalekeza ndi 3.2 A kwa kanthawi. Musaiwale kuika pini yake ya `STBY` pa `HIGH`, apo ayi mota siiyenda.

Madayodi alipo. Bwanji Arduino ikuyambiranso yokha mota ikayamba kapena ikaima?

Chifukwa madayodi ndi gawo limodzi chabe la chitetezo. Kumbukirani kuti amatumiza mphamvu ya koyilo ku waya wa +. Mphamvuyo ndi ½ × L × I², ndipo pa 1 mH ndi 1 A ndi 0.5 mJ. Ndi yochepa, koma taonani kusiyana kwake. Ikalowa mu kapasita ya 470 µF imene ili pa 7.4 V, volteji imakwera ndi pafupifupi 0.14 V yokha. Ikasowa kopita kupatula kakapasita ka 0.1 µF, masamu omwewo akupereka pafupifupi 100 V. Batire lokhala pafupi limailandira bwino, koma mawaya aatali ndi opyapyala amachedwetsa, adaputa ya pakhoma siilandira karenti yobwerera, ndipo mukazimitsa swichi ya batire mota ikuyenda, batire lachokapo.

Choncho ikani kapasita ya 470 µF kapena 1,000 µF pakati pa `12V`, pomangira + ya batire, ndi `GND` pa mojulo penipeni, mawaya ake afupi. Pa batire lathu ya 16 V imakwanira, ndipo pa batire la 12 V tengani ya 25 V. Mwendo wokhala ndi chizindikiro cha − upite ku GND. Kapasita yomweyo imathandizanso poyamba, pamene mota ikoka 1 A mwadzidzidzi ndipo volteji ya batire imafuna kugwa.

Kenako wotchererani kakapasita ka 100 nF, kolembedwa `104`, pa miyendo iwiri ya mota yeniyeniyo. Mabulashi amathetheka akamadumpha, ndipo phokoso la magetsi limenelo limayenda m'mawaya mpaka ku tchipi. Pindaninso mawaya awiri a mota pamodzi ngati chingwe.

Ngati ikuyambiranso, onani batire. Kabatire kamakona anayi ka 9 V sikangapereke 1 A. Mabatire a 18650 ochotsedwa m'malaputopu akale amatha kuonetsa 4 V pa mita koma n'kugwa akangosenza katundu, ndiye ayezeni mota ikuyenda, osati ali okha.

Mawaya a GND ndilumikize bwanji?

GND ya Arduino ndi GND ya mojulo ziyenera kulumikizana, ngakhale Arduino ikudya magetsi a USB. Popanda zimenezi `HIGH` ya Arduino ilibe poyezera, ndipo mota imanjenjemera kapena siiyenda.

Koma malo olumikizira ndi ofunika. Waya wonenepa wa − ya batire upite pa `GND` ya mojulo mwachindunji, ndipo waya wina wapadera uchoke pomwepo kupita ku Arduino. Musadutsitse − ya batire pa Arduino kenako n'kupitiriza ku mojulo, chifukwa mukatero karenti yonse ya mota idzayenda m'tinjira topyapyala ta pa bolodi la Arduino.

Ngati kugunda kumathera pa H-biriji, mayikulokontorola imafa bwanji?

Njira zake n'zitatu. Yoyamba ndi magetsi ogawana: mota ikakhala pa waya wa 5 V womwewo, madayodi amatumiza kugunda kuja ku waya umenewo, ndipo ATmega328P siyenera kulandira zoposa 6 V. Yachiwiri ndi GND yolumikizidwa molakwika monga tafotokoza. Yachitatu ndi tchipi ya H-biriji imene yapsa mkati n'kulumikiza magetsi a batire ku miyendo yake ya `IN`. Pini ya Arduino siyenera kuona volteji yoposa magetsi ake ndi 0.5 V.

Pa njira yachitatuyi pali chitetezo chotsika mtengo: rezisita ya 1 kΩ pa waya uliwonse wa `IN1`, `IN2` ndi `ENA`. Malamulo amadutsa bwinobwino, koma 8.4 V ikabwerera, karenti yolowa mu pini imangokhala pafupifupi 3 mA. Ikaninso rezisita ya 10 kΩ kuchokera pa `ENA` kupita ku GND, kuti mota isadzidzimuke pa nthawi imene Arduino ikuyaka ndipo mapini ake sanalandire malamulo.

Kodi pulogalamu ingathandize kuteteza zipangizo?

Kwambiri, makamaka pobweza mota. Mota ikamathamanga kutsogolo n'kuilamula kubwerera nthawi yomweyo, volteji imene ikupanga yokha imaphatikizana ndi ya batire m'malo motsutsana nayo. Karenti imatha kuyandikira kawiri ya mota yoima, ndiye 1.1 A yathu ija imafika cha ku 2 A, pamalire penipeni pa L298N. Madayodi sachepetsa karenti imeneyi. Yankho lake ndi kuimitsa kaye. Chotsani kajampa ka pa `ENA`, mulumikize pini 9.

```cpp
const int ENA = 9, IN1 = 7, IN2 = 8;

void setup() {
  pinMode(ENA, OUTPUT);
  pinMode(IN1, OUTPUT);
  pinMode(IN2, OUTPUT);
}

void yendetsa(bool kutsogolo, int liwiro) {
  analogWrite(ENA, 0);
  delay(300);
  digitalWrite(IN1, kutsogolo ? HIGH : LOW);
  digitalWrite(IN2, kutsogolo ? LOW : HIGH);
  analogWrite(ENA, liwiro);
}

void loop() {
  yendetsa(true, 180);
  delay(2000);
  yendetsa(false, 180);
  delay(2000);
}
```

Liwiro la 180 pa 255 likutanthauza kuti magetsi ayaka pafupifupi magawo 70 pa 100 a nthawi. Kudikira kwa 300 ms kumakwanira pa kamota ka magiya, koma mota yokhala ndi gudumu lolemera imafuna nthawi yaitali. Yang'anani ndi maso ngati yaimadi isanabwerere. Mukaika liwiro lotsika kwambiri mota imangolira osazungulira, ndipo pamenepo ikukoka karenti ngati yokodwa, choncho musaisiye ili chomwecho.

Kajampa ka 5 V pa mojulo ndi kachiyani?

Kamayatsa regyuleta ya 78M05 imene imatenga magetsi a batire n'kupanga 5 V ya mbali ya malamulo ya tchipi. Batire likakhala 12 V kapena kucheperapo, kasiyeni, ndipo pomangira polembedwa `5V` pamatuluka magetsi. Likaposa 12 V, kachotseni mupereke 5 V kuchokera kwina. Regyuleta imeneyi imafuna pafupifupi 7 V kuti igwire bwino, ndiye mabatire athu awiri akayamba kutha, 5 V nayonso imatsika.

Ndingadziwe bwanji kuti dayodi yafa kapena yaikidwa chozondoka?

Chotsani batire ndi mota, apo ayi koyilo ya mota idzasokoneza muyeso. Ikani malitimita pa chizindikiro cha dayodi. Waya wofiira pa `OUT1`, wakuda pa `12V`: dayodi wamba ionetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 V, ya Schottky pakati pa 0.2 ndi 0.3 V. Kenako wofiira pa `GND`, wakuda pa `OUT1`, muone nambala yofanana ndi imeneyo. Bwerezani pa `OUT2`. Mukasinthanitsa mawaya a mita muyenera kuona `OL` kapena nambala yokwera, ngakhale kapasita ya pa bolodi imatha kuchititsa nambala kuyenda kwa kanthawi.

Nambala yoyandikira ziro mbali zonse ziwiri ikutanthauza kuti dayodi kapena tiranzisita ya mkati mwa tchipi yachita shoti. Kuti musiyanitse, nyamulani mwendo umodzi wa dayodi ndi chowotcherera muiyeze yokha. `OL` mbali zonse ikutanthauza kuti dayodi yaduka kapena sodala sanagwire, ndipo vuto limeneli ndi lobisika, chifukwa mota imayendabe bwino pamene tchipi ikulandira kugunda kulikonse.

Zizindikiro zina mumaziona musanatenge mita. Mota imene ikuyenda mbali imodzi yokha, mbali inayo tchipi n'kumatentha, kawirikawiri ili ndi dayodi imodzi yozondoka kapena tiranzisita imodzi yakufa, koma yezani kaye ngati `IN1` ndi `IN2` zikusinthadi pakati pa 0 ndi 5 V. Waya wa batire ukatentha mota isanayambe n'komwe, chotsani batire nthawi yomweyo. Mwina mwasinthanitsa + ndi −, ndipo zikatero madayodi awiri a mbali iliyonse amatseguka motsatana n'kupanga shoti. Mabatire a 18650 amatha kupereka karenti yambiri moti waya n'kusungunuka, choncho pa mota imodzi ya chitsanzo chathu ikani fyuzi ya 2 A kapena 3 A pa waya wa +, pafupi ndi batire.